Machowa pamwamba pa chishango

Kashopu kanga kali pa Tsangano, pakati pa wometa ndi mayi wogulitsa mankhwala opopera mbatatesi. Ndimatayipa makalata, kujambula mapepala, ndi kukangana ndi pulinta. Anthu amati ndine waukali, ndipo sindikana. Munthu akabwera ndi pepala lonyowa ndi mafuta a tchipisi n'kumati lituluke loyera, ndimamuuza momwe ndikuonera. Pali munthu mmodzi yekha padziko lino amene sindinamukwezerepo mawu, ndiye apongozi anga aamuna, bambo a mkazi wanga. Sikuti ndimawaopa. Mwambo ndi umene unanditseka pakamwa: kwawo ndimakhala chapatali, kuyang'ana kumbali, ndipo mawu athu amadutsira mwa munthu wina.

Tsiku lina m'nyengo yozizira ija nkhungu imatsikira mpaka pamsika, kunabwera mlamu wanga, mng'ono wake wa mkazi wanga. Iye ndi mphunzitsi kupulayimale ndipo ndi amene amayang'anira ana ovina ngoma pasukulupo. Analowa osaodira, monga mwa masiku onse.

"Alamu, zimitsani nkhope ya malirayo, ndakubweretserani ntchito."

"Ntchito ya kuchipongozi ndimaidziwa. Malipiro ake ndi zikomo."

"Mkazi tinakupatsani uja simunamalize kuthokoza. Tsegulani kompyuta."

Nkhani yake inali iyi. Apongoziwo anavina ngoma kuyambira ali mnyamata, anapita kumigodi ku Joni, anabwerako ndi jasi lalitali ndi bokosi lachitsulo, n'kupitiriza kuvina mpaka maondo anakana. M'bokosimo ndi mmene muli zovala zawo za gule. M'mutu mwawo ndi mmene muli mayina a zovalazo ndi mawu ena akale amene masiku ano timangowamva pamwambo. Mlamu anakhala akuwanyengerera nthawi yaitali kuti amupatse mawuwo ndi kubwereka ana zovalazo. Iwo ankakana, ati ana a sukulu akazisandutsa zoseweretsa. Kenaka anavomera, koma ndi lamulo: anena kamodzi, ndipo pepala likatuluka aliona iwo kaye. Likakhala labodza, mawu sapita kusukulu ndipo bokosi silitsegulidwa.

Mlamu anawalemba pafoni iwo akulankhula. Atanditumizira, pakompyuta panatuluka ndime imodzi yaitali, yopanda popumira, ngati munda wosapanga mizere. Inayamba chonchi: "Mangenjeza: tizitsulo tolira, umamanga m'akakolo. Umayamba ndi amenewa. Machowa - ubweya wa kumchira kwa ng'ombe, umamanga pamwamba pake. Njobo ndiye kuti zikopa zolendewera, m'chiuno." Inapitirira motero kukwera mpaka pa nyoni, nthenga za kumutu zija, kenaka chishango, chibonga, magule, ndi maudindo a akuluakulu.

"Ndikufuna madanga awiri," anatero mlamu. "Kumanzere mawu, kumanja tanthauzo. Aziyenda motsatira a, b, c, kuti mwana akamva liwu azilipeza yekha pakhoma osandivutitsa."

Ndinati ndi ntchito yochepa. Choyamba ndinasunga ndimeyo payokha monga inabwerera, n'kumagwira ntchito pa kope lina. Chimenecho ndimachita nthawi zonse, chifukwa makasitomala amasintha maganizo ngati mphepo ya pa Tsangano.

Kompyuta imatha kusandutsa mawu kukhala tebulo la mizere ndi madanga, koma imafuna zinthu ziwiri. Liwu lililonse ndi tanthauzo lake zikhale pamzere wawo, ndipo pakati pa liwu ndi tanthauzo pakhale chizindikiro chimodzi, chofanana paliponse, choiuza podula. Mlamu sanalabadire zimenezo. Pena anaika timadontho tiwiri, pena kamzere, pena anangolemba kuti "ndiye kuti". Ndinayesa njira yachidule: ndinaiuza kompyuta kuti paliponse pali mpumiro iyambe mzere watsopano. Inamvera mopusa. Matanthauzo okhala ndi ziganizo ziwiri anaduka pakati, moti "Umayamba ndi amenewa" anakhala pamzere wakewake ngati nalonso ndi dzina la chovala. Ndinamenya desiki, wometa anasuzumira pakhomo ndi makina ake m'manja, ndinamuuza kuti abwerere ku mitu yake.

Ndinabweza zonse n'kuyamba ndi manja. Liwu lililonse lisanayambe, batani la Enta. Liwu likatha, kufufuta timadontho kapena kamzere kaja, n'kudina batani la Tabu kamodzi. Nditamaliza ndinasankha zonse n'kuiuza kuti ipange tebulo, idule pa Tabu. Inandiyankha kuti ipanga madanga atatu. Atatu achokera kuti? Ndinayatsa kabatani koonetsa zizindikiro zobisika, ndipo pamzere wa chishango panaoneka timivi tiwiri m'malo mwa kamodzi. Chala changa chinadina kawiri. Mzere umodzi wokha unafuna kuwonjezera danga patebulo lonse. Nditachotsa kamodzi, tebulo linabwera bwinobwino, madanga awiri. Ndinawonjezera mzere pamwamba wolembedwa "Mawu" ndi "Tanthauzo", ndipo nalonso ndinalisunga padera lisanasanjidwe.

Kusanja kunali ndi zake. Ulendo woyamba ndinaiwala kuiuza kuti mzere wapamwamba ndi mutu, ndiye "Mawu" anatsika kukakhala pakati pa anzake a M, kunsi kwa mangenjeza. Njobo nayo inakwera pamwamba pa onse. Nditayang'anitsitsa, kutsogolo kwa N kunali kampata kamodzi kosaoneka ndi maso, ndipo kompyuta imaika mpata patsogolo pa A. Ndinakonza zonsezo, kusanjanso, mzere uliwonse ukuyenda ndi tanthauzo lake. Ndinayerekeza ndi ndime yoyamba ija. Panalibe liwu lotayika, panalibe tanthauzo lopita kwa mnzake. Ndinasindikiza, ndipo kunena zoona linali pepala lokongola.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi tinapita kuchipongozi. Apongozi anakhala pakhonde atavala jasi lija, ine ndinakhala pa kampando pafupi ndi nkhokwe, mlamu pakati pathu ndi pepala. Maso awo saonanso zilembo zazing'ono, choncho mlamu anawerenga mokweza. Anawerenga mizere ingapo. Kenaka apongozi anakweza dzanja.

"Tatulutsa bokosi."

Mlamu anandiyang'ana mokondwa, akuganiza kuti zatheka. Bokosi linatuluka, linatsegulidwa, fungo la zikopa ndi mankhwala a njenjete linafika mpaka kunkhokwe.

"Uwauze akamwiniwo aimirire apo. Iwe uziwerenga, iwo azichita zomwe pepala lawo likunena."

Ndinaimirira pakati pa bwalo ndi malaya anga a kutchalitchi. Mlamu anayamba ndi zovala.

"Chibonga: ndodo ya mutu, umagwira kudzanja linalo."

Ndinanyamula chibonga n'kuima nacho. Apongozi anafunsa mlamu, osandiyang'ana ine: "Dzanja linalo ndi liti? Loyamba lija lili kuti?"

Ndinachisintha kumanja, kumanzere, kumanjanso. Mlamu anayamba kuluma milomo.

"Chishango: chikopa cha ng'ombe chotchingira, kudzanja lamanzere." Chimenecho chinayenda bwino. Kenaka anafika pa M. "Machowa: ubweya wa kumchira kwa ng'ombe, umamanga pamwamba pake."

"Pamwamba pa chiyani?" anafunsa apongozi.

"Chomwe chili pamwamba pa mzerewu ndi chishango, bambo."

"Amange."

Ndinagwada pansi, bambo wa ana akuluakulu, n'kumanga ubweya wa m'miyendo pamwamba pa chishango. Mlamu anagwa nako kuseka mpaka pepala linagwera m'fumbi.

"Alamu, mwakwana! Mukangolowa chonchi m'bwalo ng'ombe zonse zikutsatirani!"

M'khosi mwanga munadzaza mawu, ena oti sindingawalembe pano. Ndinawameza onse, chifukwa pakhonde panali apongozi. Iwo sanaseke. Anapempha pepalalo, analipinda n'kuliika m'thumba la jasi.

"Mawu ndi anga, koma nkhaniyi si yanga. Mwana akawerenga ichi adzavina ngati wamisala, ndipo adzati anamuphunzitsa ndine. Tseka bokosi."

Mlamu anasiya kuseka pomwepo.

M'mawa mwake ndinatsegula shopu ndili ndi mkwiyo wa dzulo, ndipo woyamba kuulawa anali mnyamata wina wofuna kujambulitsa chiphaso. Koma mkwiyo utatsika kunatsala funso limene linandikanirira m'mutu. Sindinasinthe chilembo ngakhale chimodzi. Nanga zinatheka bwanji kuti mawu onse akhale oona koma pepala likhale labodza? Ndinatsegula ndime yoyamba ija n'kuiwerenga, osati ngati wotayipa wosaka podula, koma ngati munthu amene akumvetsera. Apo ndi pamene ndinaona kuti mkuluyo sankatchula mawu mwachisawawa. Ankaveka munthu. Anayambira m'akakolo, kukwera m'miyendo, m'chiuno, m'mikono, kumutu, kenaka kum'patsa za m'manja. Tanthauzo lililonse linatsamira pa lomwe langodutsa kumene: "pamwamba pake", "kudzanja linalo", "kenaka", "wotsatira kwa ameneyu". M'ndime muja zonsezi zinali zomveka, chifukwa mnzake anali pomwepo. Ine ndinangozula mitengo ya khola n'kuiimika motsatira kutalika kwake, kenaka n'kumadabwa kuti khola lagwa.

Chinandidabwitsanso china. Kusukulu tinazolowera dikishonale, moti sindinaganizepo kuti munthu amene analemba tanthauzo la m'menemo anachita kulikonza kuti liime palokha, lisadalire mnansi. Ndinkangoti matanthauzo amabadwa choncho.

Ndinaitana mlamu. Anabwera wopanda nthabwala, zomwe sizinamukhale.

"Kawauzeni bambo kuti cholakwa ndachiona. Koma sindingakonze ndekha. Ndikalemba ine kuti pamwamba pa chiyani, ndikhala ndikupeka. Abwere anene okha."

"Anati anena kamodzi."

"Sindikuwapempha kuti anenenso. Ndikuwapempha kuti amalize zomwe ananena."

Anapita ndi mawu amenewo. Zomwe anawonjezera yekha sindikuzidziwa, koma tsiku la msika apongozi anatsika pa njinga ya kabaza, jasi lili m'thupi, n'kulowa m'shopu mwanga koyamba chiitsegulireni. M'kashopu kanga mulibe malo okhalira chapatali. Ndinawapatsa mpando wa makasitomala, ine ndinatembenukira kukompyuta, mlamu anaima pakati pathu ngati chitseko.

Ndinayamba ndi mzere woyamba wa tebulo losanjidwa lija. "Afunseni kuti chibonga chimagwiridwa kudzanja liti."

Ndinaona m'galasi la kompyuta apongozi akuwerama, kugwira akakolo, kenaka bondo, chiuno, mkono, mutu, milomo ikuyenda chamumtima. Atatambasula dzanja lamanzere ngati lanyamula chishango, ndi pamene lamanja linafumbata.

"Lamanja."

Ndinafunsa za njobo. Anaweramanso, kuyambiranso m'akakolo. Apa ndinasiya kutayipa n'kucheuka, mwambo ndinauiwala pang'ono. Mkuluyu amadziwa bwino lomwe kuti chibonga ndi cha kumanja, wachigwira moyo wake wonse. Koma kuti achinene, ankafuna kufikapo ndi njira yake. Kumufunsa motsatira a, b, c kunali ngati kumutuma ku Bwanje, abwerere, kenaka kumutumanso ku Nzama, ulendo uliwonse kuyambira pakhomo.

Ndinatseka tebulo losanjidwa n'kutsegula lija ndinasunga lisanasanjidwe, limene mizere yake inali m'dongosolo lawo. Tinayambira m'akakolo. Mlamu amawerenga mzere, ndipo paliponse pamene tanthauzo likuloza mnzake ine ndimaimitsa.

"Pamwamba pa chiyani?"

"Pa mangenjeza, nanga pa chiyaninso?"

"Afunseni kuti pathupi ndi pati."

"Kunsi kwa bondo. Kodi akamwiniwa alibe miyendo?"

Ndinalemba: umamanga m'miyendo, kunsi kwa bondo. Tinapitirira choncho. Pena ankakwiya, ati tikufunsa zinthu zoti mbuzi ikudziwa. Ine kukwiya kwa munthu wina sikundivuta, ndimakumva ngati chinenero cha kwathu. Titafika pa maudindo a akuluakulu zinavuta kwambiri, chifukwa aliyense anafotokozedwa kuti "wotsatira kwa ameneyu", ndipo tinayenera kutchula dzina la udindo wa pamwamba pake m'tanthauzo momwemo.

Tili pakati, apongozi anafunsa mlamu kuti n'chifukwa chiyani tikuvutika chonchi m'malo mongosiya mawu momwe anawanenera. Mlamu anafotokoza za mwana amene wamva liwu limodzi pabwalo ndipo akufuna kulipeza pakhoma. Apongozi anati:

"Kumgodi anatichita zomwezi. Tinachoka kuno anthu a mudzi umodzi, galimoto imodzi. Titafika anatipatsa manambala n'kutiimika motsatira manambalawo. Mkulu wanga uko, ine kuno, pakati pathu anthu a zinenero zina. Kumudzi ukangoti ndine mng'ono wake wa uyu, zatha. Kumene kuja ukati mng'ono wake wa uyu, amayang'ana amene waima pambali pako, munthu wa ku Mozambiki."

"Ndiye munkatani, bambo?"

"Unkanena zonse wekha. Dzina, mudzi, mfumu, boma." Analoza kompyuta ndi chibwano. "Alembe. Aliyense anyamule kwawo."

Kuyambira pamenepo sanadikirenso kufunsidwa. Mlamu akawerenga mzere, iwo ankadziimitsa okha: ayi, pamenepo tchulani chiuno.

Titamaliza ndinati tsopano ndisanja. Anasendeza mpando kuti aone. Ndinasankha tebulo lonse, kuiuza kuti mzere woyamba ndi mutu, isanje potsatira danga lakumanzere, kuyambira A. Nditadina, mizere yonse inasintha malo nthawi imodzi.

"Ii! Uwauze abwereze."

Ndinabweza, mangenjeza anakweranso pamwamba. Ndinasanjanso, anatsika.

"Ndani akuwanyamula?"

"Palibe, bambo, ndi makina," anatero mlamu.

"Kapitawo wake ndi waukali kuposa akamwini."

Kusanjako kunatulutsanso china chimene tsiku loyamba ndinachiona koma osachilabadira. Machowa analipo kawiri, mizere iwiri yogundizana. M'ndime muja anali motalikirana: koyamba pa miyendo, kachiwiri atafika pa mikono, pomwe poyamba panangolembedwa kuti "enanso kuno". Alifabeti ndi imene inawakumanitsa. Ndinafunsa ngati ndi zinthu ziwiri zosiyana. Apongozi anati ndi chimodzi, kungoti munthu ali ndi miyendo ndi mikono. Ndiye tinaphatikiza kukhala mzere umodzi: ubweya wa kumchira kwa ng'ombe, umamanga kunsi kwa bondo ndiponso m'mikono, pamwamba pa chigongono. Mzere winawo ndinauchotsa.

Ndinasindikiza. Mlamu anafuna kuyamba kuwerenga kuchokera pamwamba, koma apongozi anakana. Anati ife awiri tikudziwa kale mayankho, pafunika munthu wosadziwa kanthu. Munthu wotero sanali patali. Wometa uja kwawo ndi kum'mwera, ku minda ya tiyi, ndipo ngoma amangoionera patali. Ndinamuitana kudzera pakhoma.

"Bwera kuno, lero umbuli wako wapeza ntchito."

"Achimwene, ine ndili ndi mutu wa munthu pampando, ndaumeta mbali imodzi."

"Sathawa ali choncho. Bwera."

Analowa akupukuta manja. Apongozi anatseka maso, n'kuponya chala papepala paliponse pomwe chagwera. Mlamu amaphimba mizere ina yonse ndi manja, wometa amawerenga mzere umodziwo n'kuloza pathupi pake. Nyoni, anagwira kumutu. Mangenjeza, anawerama kugwira akakolo. Chibonga, anakweza dzanja lamanja atafumbata. Kenaka chala chinagwera pa machowa. Wometa anawerenga pang'onopang'ono, anagwira kunsi kwa bondo, kenaka mkono.

"Ndapambana chiyani?" anafunsa.

"Bwerera ukamalize mutu wa mwini wake," ndinatero.

Apongozi anatenga pepalalo. Kenaka anauza mlamu kuti pali chimodzi chimene pepala latsopanoli silinena: choyamba kuvala n'chiti, chotsatira n'chiti. Zinali zoona. Alifabeti imathandiza wofuna liwu, siithandiza wofuna kuvala. Danga lachitatu mlamu analikana, ati pakhoma pachuluka zinthu. Ndiye ndinatsegula ndime yoyamba ija, imene ndinaisunga osaikhudza, n'kuisindikiza papepala lakelake kuti ikapachikidwe pambali pa tebulo. Mlamu anawawerengera chiyambi chake, iwo akugwedeza mutu pa liwu lililonse ngati akumva nyimbo yodziwika.

Anapisa m'thumba la jasi. Ndinaganiza kuti akutulutsa pepala loyamba lija kuti alitaye, koma analibwezera m'thumba, ati limenelo asunga, aziwerengetsa alendo. Chimene anatulutsa ndi kakiyi kakang'ono ka pa chingwe chakuda ndi thukuta. Anakapereka kwa mlamu.

"Nyoni asaigwire ndi manja onyowa. Ndipo zibwere tsiku lomwelo."

Mlamu anagwada polandira.

Ataimirira kuti azipita, apongozi anaima pakhomo n'kuyang'ananso pepala la tebulo lija, atalitalikitsa ndi maso. Kenaka analankhula, osadutsira mwa mlamu, molunjika kwa ine.

"Akamwini, zilembozi zikulitseni. Ana a kumbuyo saona."

Ndinayankha kuti chabwino, bambo, ndikuyang'ana pansi. Nditakulitsa, tebulo linasefukira patsamba lina, mutu wa "Mawu" ndi "Tanthauzo" n'kutsala patsamba loyamba lokha. Ndinadikira kaye kuti kabaza awanyamule apite, ndisanaiuze kompyutayo zomwe ndinkaiganizira.